Kuwerengera Msonkho Kuchokera pa Thirayo Balansi: Yambani ndi Miyezi, Msonkho Ubwere Pomaliza

Mwa mayankho a ophunzira amene ndakhala ndikuchonga pa funso la mtundu uwu, ochepa kwambiri ndi amene amalakwa pochulukitsa phindu ndi mlingo wa msonkho. Ambiri amakhala atalakwa kale asanafike pamenepo, chifukwa amatenga nambala ya pa thirayo balansi ngati kuti ndi mtengo weniweni wa chakacho. Thirayo balansi imangosonyeza zimene zinalembedwa mu leja pofika tsiku lotseka mabuku, ndipo imatsimikizira kuti mbali ya debiti ikufanana ndi mbali ya kirediti. Sinena ngati lendi imene inalipidwa ndi ya miyezi 12 kapena 15, ndiponso sidziwa za bilu imene inafika mabuku atatsekedwa kale. Ntchito yanu ndi kufunsa nambala iliyonse funso limodzi: kodi ndalama imeneyi ndi ya miyezi iti?

Pali mawu awiri amene tiyenera kugwirizana tanthauzo lake tisanayambe. Akuruwo, amene pano ndiziwatcha zotsalira kulipira, ndi mtengo wa chinthu chimene bizinesi yagwiritsa kale ntchito m'chakacho koma sinalipire ndipo sinalembe. Pulipeyimenti, imene ndiziitcha zolipiriratu, ndi ndalama imene bizinesi yalipira m'chakachi koma chinthu chake idzachigwiritsa ntchito chaka chamawa. Ziwirizi zimapezekanso kumbali ya ndalama zopeza, ndipo tidzakumana ndi chimodzi mwa izo.

Funso limene tigwiritse ntchito

Kampani ina yogula ndi kugulitsa katundu imatseka mabuku ake pa 31 Disembala 2024. Thirayo balansi yake ili motere:

| Akaunti | Debiti | Kirediti |
|---|---|---|
| Zogulitsa | | 600,000 |
| Lendi yolandira | | 18,000 |
| Sitoko yoyambira chaka | 40,000 | |
| Zogula | 310,000 | |
| Malipiro a antchito | 88,000 | |
| Lendi yolipira | 45,000 | |
| Inshuwalansi | 12,000 | |
| Magetsi | 9,500 | |
| Chiwongoladzanja | 6,000 | |
| Chindapusa | 2,000 | |
| Dipulesiyeshoni ya chaka chino | 15,000 | |
| Makina | 135,000 | |
| Ngongole za makasitomala | 52,000 | |
| Msonkho woperekeratu | 20,000 | |
| Banki | 37,500 | |
| Ngongole ya kubanki | | 80,000 |
| Ngongole kwa ogulitsa katundu | | 34,000 |
| Mpamba | | 40,000 |
| Zonse | 772,000 | 772,000 |

Pansi pa thirayo balansi pali mfundo zoonjezera. Sitoko yotsala pa 31 Disembala ndi ya 55,000. Bilu ya magetsi ya Disembala, ya 1,500, inafika mu Januwale 2025 ndipo sinalembedwe. Lendi yolipira ndi ya kuyambira 1 Januwale 2024 mpaka 31 Malichi 2025. Inshuwalansi inadulidwa koyamba pa 1 Meyi 2024 ndipo ndi ya miyezi 12. Kampaniyi inachititsa lendi chipinda chimodzi kuyambira 1 Febuluwale 2024, ndipo wobwerekayo analipiriratu miyezi 12. Ngongole ya kubanki inakhalapo chaka chonse pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 pachaka. Funso likunenanso kuti chindapusa ndi dipulesiyeshoni saloledwa kuchotsedwa powerengera msonkho, kuti kapito alawansi ya chakachi ndi 21,000, ndiponso kuti mlingo wa msonkho ndi 30 pa 100. Funsoli likufuna kuti tipeze msonkho umene kampaniyi iyenera kulipira.

Gawo loyamba: werengani mfundo za pansi musanagwire kakyuleta

Tengani pensulo, ndipo pa mfundo iliyonse ya pansi mupeze akaunti imene ikukhudzidwa pa thirayo balansi, muike chizindikiro pambali pake. Mukachita zimenezi simudzaikopera nambalayo mosaisintha pamene muli pa changu. Pa funso lathu, zizindikiro zigwera pa magetsi, lendi yolipira, inshuwalansi, lendi yolandira ndi chiwongoladzanja.

Pali lamulo limodzi loyenera kulisunga kuyambira pano mpaka kumapeto. Chilichonse chimene chili mkati mwa thirayo balansi chinalembedwa kale mbali zonse ziwiri, choncho inu mudzachiika malo amodzi okha. Chilichonse chosintha mabuku chimene chili m'mfundo za pansi sichinalembedwe paliponse, choncho chiyenera kuonekera malo awiri, mu sitetimenti ya phindu ndi mu balansi shiti. Dipulesiyeshoni ya 15,000 ili mkati, ndiye kuti makina a 135,000 achotseredwa kale. Mukachotsanso, mwachotsa kawiri. Sitoko yotsala ili pansi, ndiye kuti idzachepetsa mtengo wa katundu wogulitsidwa, kenako idzaonekeranso ngati chuma cha kampani.

Gawo lachiwiri: zotsalira kulipira

Magetsi savuta. Kampani inayatsa magetsi m'Disembala, ndipo tsiku limene bilu inafika silisintha mwezi umene magetsiwo anagwiritsidwa ntchito. Onkhetsani 1,500 pa 9,500, mtengo wa magetsi wa chakachi ukhale 11,000. Polemba, debiti ipita ku akaunti ya magetsi ndipo kirediti ipita ku akaunti ya zotsalira kulipira, imene ndi ngongole mu balansi shiti.

Chiwongoladzanja ndi chimene chimagwetsa ophunzira ambiri, chifukwa wokonza funso sananene poyera kuti pali chotsala. Anangokupatsani ngongole ya 80,000 ndi mlingo wa 10 pa 100, kenako n'kuika 6,000 pa thirayo balansi. Mukawerengera, chiwongoladzanja cha chaka chonse ndi 8,000, ndiye kuti 2,000 sinalipidwe, yomwe ndi ya miyezi itatu. Ndikulangizani kuti nthawi zonse mukaona mlingo wa chiwongoladzanja pa funso, werengerani nokha cha chaka chonse ndi kuchifananitsa ndi chimene chalembedwa, ngakhale funsolo lisakupempheni kutero. Onaninso tsiku limene ngongoleyo inatengedwa: ikanakhala kuti inatengedwa pa 1 Epulo, miyezi yake ikanakhala 9 ndipo 6,000 ikanakhala yokwanira.

Zotsalira kulipira zonse pamodzi zakwana 3,500, ndipo zonsezo zikuchepetsa phindu.

Gawo lachitatu: zolipiriratu, ndi kuwerenga miyezi

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa cholakwa chake chimakhala cha mwezi umodzi, ndipo mwezi umodziwo umayenda mpaka ku nambala yomaliza ya msonkho. Njira imene ndimaikhulupirira ndi kujambula mzere papepala, kulemba tsiku loyamba la malipirowo kumanzere, tsiku lomaliza kumanja, ndi kudula mzerewo pa tsiku lotseka mabuku. Miyezi ya kumanzere kwa podulapo ndi ya chaka chino, ya kumanja ndi yolipiriratu.

Lendi ya 45,000 ikuyambira 1 Januwale 2024 mpaka 31 Malichi 2025, yomwe ndi miyezi 15. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugawa 45,000 ndi 12 mwachizolowezi, ngati kuti malipiro aliwonse ndi a chaka chathunthu. Gawani ndi chiwerengero cha miyezi imene ndalamayo yalipirira: 45,000 kugawa ndi 15 ikupereka 3,000 pamwezi. Miyezi 12 ya 2024 ikupereka mtengo wa 36,000, ndipo Januwale, Febuluwale ndi Malichi wa 2025 akupereka zolipiriratu za 9,000. Mukamaliza, onkhetsani zigawo ziwirizo kuti muone ngati zikubwerera pa 45,000.

Inshuwalansi ndi ya 1,000 pamwezi, ndipo ikutha pa 30 Epulo 2025. Werengani miyeziyo ndi zala, musachite manyazi: Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti, Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala. Imeneyi ndi miyezi 8. Wophunzira amene amachotsa 5 pa 12 m'mutu amapeza 7, chifukwa amaiwala kuti Meyi weniweniyo ali mkati, popeza inshuwalansiyo inayamba tsiku loyamba la mweziwo. Mtengo wa chakachi ndi 8,000, ndipo zolipiriratu ndi 4,000. Cholakwa china ndi kusinthanitsa zigawo ziwirizi, kulemba 4,000 ngati mtengo ndi 8,000 ngati zolipiriratu. Mzere wojambula uja umateteza zimenezi, chifukwa umaonetsa ndi maso gawo limene ladutsa kale.

Pa zonse ziwirizi, debiti ipita ku akaunti ya zolipiriratu, imene ndi chuma cha kampani mu balansi shiti, ndipo kirediti ipita ku akaunti ya lendi kapena ya inshuwalansi. Zonse pamodzi ndi 13,000, ndipo zikukweza phindu.

Gawo lachinayi: ndalama imene kampani yalandiriratu

Ophunzira ena amaloweza pamtima kuti zolipiriratu zimakweza phindu, ndipo akafika pa lendi yolandira amagwiritsa ntchito mawu omwewo n'kusochera. Pano amene walipiriratu ndi wobwereka chipinda, osati kampani. Kampani yalandira 18,000 ya miyezi 12, yomwe ndi 1,500 pamwezi, kuyambira Febuluwale 2024 mpaka Januwale 2025. Pofika pa 31 Disembala yapereka chipindacho kwa miyezi 11 yokha, choncho yapeza 16,500. Ndalama yotsalayo ya 1,500 ili kale ku banki, koma kampani ikadali ndi udindo wopereka chipinda mu Januwale, n'chifukwa chake imalembedwa ngati ngongole ndipo imachepetsa phindu la chaka chino. M'malo moloweza, dzifunseni kuti pa tsiku lotseka mabuku, ndani ali ndi ngongole kwa mnzake. Kampani ikakhala kuti ikuyembekezera kulandira kanthu, chimenecho ndi chuma. Ikakhala kuti ikuyenera kupereka kanthu, kaya ndalama kaya ntchito, imeneyo ndi ngongole.

Gawo lachisanu: pezani phindu la m'mabuku

Mtengo wa katundu wogulitsidwa ndi sitoko yoyambira kuonkhetsa zogula kuchotsa sitoko yotsala: 40,000 kuonkhetsa 310,000 kuchotsa 55,000, zomwe zikupereka 295,000. Mukachotsa imeneyi pa zogulitsa za 600,000, mutsala ndi 305,000, ndipo mukaonkhetsa lendi yopeza ya 16,500 mufika pa 321,500.

Ndalama zoyendetsera bizinesi, zitakonzedwa, ndi izi: malipiro 88,000, lendi 36,000, inshuwalansi 8,000, magetsi 11,000, chiwongoladzanja 8,000, chindapusa 2,000 ndi dipulesiyeshoni 15,000. Zonse pamodzi ndi 168,000, ndipo phindu msonkho usanachotsedwe ndi 153,500.

Mwina mungafunse chifukwa chimene tachotsera chindapusa ndi dipulesiyeshoni pamene funso lanena kale kuti saloledwa. Yankho lake ndi lakuti pakadali pano sitinayambe za msonkho. Kwa wolemba mabuku, chindapusa ndi ndalama imene kampani inatayadi, ndipo makina anatsikadi mtengo, choncho zonsezi ziyenera kuoneka mu phindu la m'mabuku. Ndimaona kuti ndi bwino kwambiri kusunga magawo awiriwa mosiyana, ngakhale kuti kudumpha zinthu zosaloledwazo kumaoneka ngati kukupulumutsa nthawi, chifukwa wochonga amafuna kuona 153,500 payokha, ndipo inunso mudzaifuna pokonza balansi shiti. Onaninso kuti msonkho woperekeratu wa 20,000 sunalowe m'ndandandawu ngakhale uli kumbali ya debiti. Umenewu si mtengo woyendetsera bizinesi, ndipo ukudikira gawo lomaliza.

Musanapitirire, yesani nambala yanu ndi njira ina. Pakanapanda kukonza miyezi, kampani ikanaoneka kuti yapeza 305,000 kuonkhetsa 18,000, kuchotsa ndalama zolembedwa za 177,500, zomwe zikupereka 145,500. Tsopano tengani zosintha zisanu zija, chilichonse ndi mbali imene chikukokera phindu: lendi ikukweza ndi 9,000, inshuwalansi ikukweza ndi 4,000, magetsi akutsitsa ndi 1,500, chiwongoladzanja chikutsitsa ndi 2,000, ndipo lendi yolandiriratu ikutsitsa ndi 1,500. Zonse pamodzi zikukweza phindu ndi 8,000, ndipo 145,500 kuonkhetsa 8,000 ndi 153,500. Njira ziwirizi zikasiyana, onani kukula kwa kusiyanako. Kukakhala kofanana ndi chosintha chimodzi, ndiye kuti mwachiiwala pa njira imodzi. Kukakhala kowirikiza kawiri, mwachiika mbali yolakwika. Mwachitsanzo, amene waonkhetsa 9,000 pa lendi m'malo mochotsa adzapeza 135,500, kusiyana kwa 18,000, ndipo msonkho wake udzapereweza ndi 5,400.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuchokera pa phindu la m'mabuku kufika pa phindu lokhomeredwa msonkho

Yambani pepala latsopano, ndipo mzere woyamba ukhale phindu la 153,500. Bwezerani zinthu zimene munachotsa koma lamulo la msonkho silizilola: dipulesiyeshoni ya 15,000 ndi chindapusa cha 2,000, mufike pa 170,500. Timati kubwezera chifukwa zinachotsedwa kale pa gawo lapitalo, ndipo kuzionkhetsa kumangofafaniza kuchotsa kuja. Pachifukwa chimenechi, musabwezere chinthu chimene simunachichotse.

Dipulesiyeshoni imakanidwa m'malamulo a msonkho a mayiko ambiri chifukwa kampani iliyonse imadzisankhira yokha zaka zimene ikuganiza kuti makina ake adzagwira ntchito, ndipo zikanaloledwa, kampani ikanatha kudzichepetsera msonkho pongosintha kuyerekezera kwakeko. M'malo mwake lamulo limapereka kapito alawansi, imene mlingo wake umakhazikitsidwa ndi boma. Chotsani 21,000 pa 170,500, ndipo phindu lokhomeredwa msonkho ndi 149,500.

Kukonza miyezi kumene tinachita sikubwerezedwa pano. Zotsalira kulipira za 3,500 ndi mitengo yeniyeni ya bizinesi ya chakachi, ndipo kusalipidwa kwake sikuisandutsa yosaloledwa, choncho sizibwezeredwa. Koma dongosolo la magawowa ndi lofunika pa chifukwa china: chinthu chosaloledwa chikakhala ndi chotsalira kulipira, muyenera kubwezera nambala yokonzedwayo, osati ya pa thirayo balansi. Funso likanati pali chindapusa china cha 500 chimene sichinalembedwe, mukanachotsa 2,500 pa gawo lachisanu ndi kubwezera 2,500 pano. Amene amabwezera 2,000 yokha amakhala atailola 500 kulowa mwakachetechete.

Malamulo a msonkho amasiyana dziko ndi dziko pa nthawi imene zinthu zina zimawerengeredwa, makamaka ndalama zolandiriratu ndi chiwongoladzanja chosalipidwa, ndipo malamulo ena amawerengera ndalama za lendi pazokha. Funso likapereka lamulo lotere, tsatirani lamulolo pa gawo lino, osasintha phindu la m'mabuku. Likapanda kunena kanthu, monga lathuli, tsatirani nambala zokonzedwa ndipo mulembe mzere umodzi wonena kuti mwatero.

Gawo lomaliza: msonkho wa chaka ndi msonkho wotsala kulipira

Msonkho wa chakachi ndi 30 pa 100 ya 149,500, yomwe ndi 44,850. Imeneyi ndi nambala yopita mu sitetimenti ya phindu, ndipo phindu msonkho utachotsedwa ndi 153,500 kuchotsa 44,850, zomwe zikupereka 108,650. Onani bwino kuti msonkho wawerengeredwa pa 149,500 koma wachotsedwa pa 153,500. Nambala ya 149,500 imagwira ntchito pa pepala la msonkho pokha.

Funso lafunsa msonkho woyenera kulipidwa, ndipo kampani inaperekeratu 20,000 m'kati mwa chaka. Chotsani 20,000 pa 44,850, osati pa phindu, ndipo yankho ndi 24,850. Amene amachotsa 20,000 pa phindu asanachulukitse amapeza 38,850, chifukwa amakhala atapatsa kampani mpumulo wa 6,000 yokha pa ndalama ya 20,000 imene inaperekadi. Lembani nambala zonse ziwiri, 44,850 ndi 24,850, chilichonse ndi dzina lake. Kusiyana kwa dipulesiyeshoni ndi kapito alawansi kumabala nkhani ina ya msonkho wa mtsogolo, imene imalongosoledwa mu muyezo wa IAS 12, koma funso ili silinaifunse ndipo sisintha ndalama yoyenera kulipidwa chaka chino.

Nthawi ikakhalapo, konzani balansi shiti yachidule ngakhale funso lisanaipemphe, chifukwa ndi imene imaulula ngati chosintha chilichonse chalembedwa malo awiri. Chuma cha kampani ndi makina 135,000, sitoko 55,000, ngongole za makasitomala 52,000, zolipiriratu 13,000 ndi banki 37,500, zonse pamodzi 292,500. Ngongole zake ndi ya kubanki 80,000, ya ogulitsa katundu 34,000, zotsalira kulipira 3,500, lendi yolandiriratu 1,500 ndi msonkho 24,850, zonse pamodzi 143,850. Mpamba wa 40,000 kuonkhetsa phindu la 108,650 ndi 148,650, ndipo 143,850 kuonkhetsa 148,650 ikubwerera pa 292,500.

Kufanana kumeneku kuli ndi malire ake. Wophunzira amene anawerenga miyezi 7 ya inshuwalansi n'kulemba mtengo wa 7,000 ndi zolipiriratu za 5,000 adzaonanso mbali ziwirizo zikufanana, pa 293,500, pamene msonkho wake wotsala ndi 25,150, wopitirira ndi 300. Chimodzimodzinso amene sanaone chiwongoladzanja chotsala chija: balansi shiti yake idzafanana, koma msonkho wake udzakwera ndi 600. Zolakwa ziwirizi zimapezeka pokhapokha mutabwerera ku mfundo za pansi, kuwerenganso masiku a malipiro aliwonse, ndi kuona ngati akaunti zisanu zija zimene munaikapo chizindikiro zasinthadi zonse.